Kalata kwa mdzukulu wanga: mawu atatu avale zofanana

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Uli bwanji kumeneko? Ife kuno tili bwino, kungoti bondo langa lija likuvutabe kukazizira. Amayi ako anditumizira chithunzi cha kope lako la Chingerezi, ndipo akuti unabwera kunyumba utakwiya chifukwa aphunzitsi anadula mzere wofiira pansi pa chiganizo ichi:

"My brother likes swimming, to run and cycling."

Akuti unanena kuti, "Koma mawu onse ndalemba bwino!" Zoona, palibe liwu lomwe unaphonya. Ngakhale "swimming" unakumbukira kuti ili ndi m awiri. Vuto lili pena, ndipo ndikuuza.

Tiyambe ndi Chichewa chathu. Ungati, "Achimwene amakonda kusambira, kuthamanga ndi kupalasa njinga." Tamvera mmene mawuwo akuyambira: ku-, ku-, ku-. Onse avala yunifolomu imodzi. Tsopano tayesa kunena kuti, "Achimwene amakonda kusambira, amathamanga ndi kupalasa njinga." Wamva kuti lilime lapunthwa pakati? Khutu lako lakana lokha, popanda wina kukuuza.

M'Chichewa sitivutika chifukwa tili ndi ku- yekhayo. Chingerezi chili ndi njira ziwiri zonenera ku- ameneyu. Kusambira ungati "swimming", kapena ungati "to swim". Zonse ndi zabwino pambuyo pa "likes". Koma ukamatchula zinthu zingapo motsatizana, usankhe njira imodzi ndi kukhala nayo mpaka kumapeto. Iwe unayamba ndi -ing, pakati n'kulumphira kwa "to", kenaka n'kubwerera kwa -ing. Zili ngati mafuwa atatu aja a kukhitchini kwathu kuno. Lililonse palokha ndi mwala wabwino, koma limodzi likafupika, mphika umapendekeka.

Ndiye udzichita chonchi usanapereke kope. Tenga pepala lina, ulembe zinthu zitatuzo motsika, china pansi pa chinzake:

swimming
to run
cycling

Kenaka yendetsa chala uyang'ane koyambira ndi kothera kwa mzere uliwonse. Woyamba ukuthera ndi -ing, wachitatu chimodzimodzi. Wapakati uli ndi "to" kutsogolo ndipo ulibe -ing. Wagwidwa ameneyo! Poti awiri agwirizana kale, chapafupi ndi kusintha mmodzi wotsalayo:

"My brother likes swimming, running and cycling."

Uonetsetse kuti "running" ili ndi n awiri, monga "swimming" ili ndi m awiri. Koma "cycle" imataya e wake wakumapeto ikamavala -ing.

Ukafuna njira ya "to", nayonso ilipo. Ungati "likes to swim, to run and to cycle", kapena uike "to" kamodzi kokha koyambirira kuti atumikire onse: "likes to swim, run and cycle". Chimene sichiloledwa ndi kumuika pa woyamba, kumuiwala pa wachiwiri, n'kumubwezeranso pa wachitatu. Pa zaka zonse zomwe ndinagwira choko, cholakwa chimenechi ndinachidula mzere kambirimbiri, ngakhale m'makope a ana a Sitandade 8.

Pali kanthu kena kamene ndikufuna umvetse, chifukwa ndi kamene kanakusokoneza. Ukawerenga chinthu chilichonse pachokha, chiganizo chako chikumveka bwino: "likes swimming", "likes to run", "likes cycling". Palibe cholakwika pamenepo, n'chifukwa chake sunaone vuto. Limaoneka pokhapokha ukaziimika pamodzi. Komabe kuwerenga chimodzichimodzi usakusiye, kuli ndi ntchito yake. Ukachotsa "likes" n'kuikapo "enjoys", zinthu zimasintha. Mneni ameneyu ndi wamakani, salola "to" kumutsatira. Sitinena "enjoys to run", timati "enjoys running". Choncho ndi "enjoys" palibe kusankha, onse atatu ayenera kuvala -ing. Ndiye uziyesa kawiri: poyamba chilichonse pachokha ndi mneni wake, kenaka zonse pamodzi motsika.

Nayi ntchito yako, ndipo amayi ako asakuthandize. Ndalemba chiganizo chonena za ine:

"Grandmother likes to sing, cooking and to tell stories."

Chilembe motsika, upeze amene wavala zosiyana ndi anzake, ndipo uchikonze m'njira zonse ziwiri. Pa njira ya -ing usamale, pali mawu awiri oti asinthe. Ukatha, ulembenso chako chonena za zinthu zitatu zimene iwe umakonda, unditumizire. Ndikufuna ndidziwe ngati kutsuka mbale kulipo pamenepo, ngakhale ndikukayika.

Mtedza wako ndasunga, udzakazinga wekha ukadzabwera pa holide. Upereke moni kwa amayi ako, abambo ako ndi achimwene ako osambira aja.

Ndine,
Agogo ako