Lipoti la msonkhano wa ku Tete: funso la kuchulukitsa manambala oyandikana

Atsogoleri a gulu lathu, aphunzitsi anzanga a ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano, ndabwerako ku Tete kumene munandituma kukakumana ndi anzathu ophunzitsa masamu ndi makompyuta ochokera m'maboma ena. Za ndalama ya ulendo ndapereka kale kwa asungichuma, ndipo za kutentha kwa m'mbali mwa Zambezi nonse mukuzidziwa. Nkhani zinakambidwa zingapo, koma imene ndikufuna tiigwiritse ntchito ndi ophunzira athu ndi imodzi, ndiye ndikhazikika pa imeneyo.

Funso lake lili motere. Mwapatsidwa mndandanda wa manambala, ena apamwamba pa ziro, ena apansi pa ziro, kwinaku maziro. Musankhe chigawo cha manambala oyandikana, osadumpha ngakhale imodzi, choti mukawachulukitsa onse mupeze zotsatira zazikulu kuposa za chigawo china chilichonse. Chigawocho chikhale ndi nambala ngakhale imodzi, chopanda kanthu sichiloledwa. Mayi amene ankatsogolera zokambiranazo analemba mndandanda uwu pa bolodi:

```
3, -2, 4, -1, 0, -5, 2, -3
```

Munthu angathe kuyesa zigawo zonse chimodzichimodzi. Pa manambala 8 zigawo zilipo 36, ndipo pensulo ikwanitsa. Koma manambala akakhala 100,000 zigawo zimapitirira 5 biliyoni, ndiye pamafunika njira yodutsa mndandandawo kamodzi kokha.

Ambiri m'chipindamo anathamangira njira ya Kadane, ija timaphunzitsa pofuna chigawo chimene kuphatikiza kwake ndi kwakukulu. M'njira imeneyo, pa nambala iliyonse mumangodzifunsa kuti: ndipitirize chigawo chimene ndabwera nacho, kapena ndiyambe chatsopano pompano? Mumasunga chachikulu mwa ziwirizo, chinacho mumataya. Anzathuwo anangochotsa kuphatikiza nkuikapo kuchulukitsa. Yankho limene linatuluka linali 4. Yankho loona ndi 30, lochokera pa -5, 2 ndi -3. Ngakhale 24, amene amachokera pa manambala anayi oyambirira, njirayo sinamuone.

Chifukwa chake ndi chimene ndikufuna chimveke bwino, poti china chilichonse chikuchokera pamenepa. Pa kuphatikiza, amene ali patsogolo amakhalabe patsogolo: mukawonjezera nambala yomweyo pa 4 ndi pa -24, 4 adzakhalabe pamwamba. Choncho kutaya -24 sikuluza kanthu. Pa kuchulukitsa sizili choncho. Mukachulukitsa ndi nambala yapansi pa ziro, onse amasinthana malo ngati matimu a mpira akusinthana magoli: 4 kuchulukitsa ndi -1 ndi -4, pamene -24 kuchulukitsa ndi -1 ndi 24. Amene anali pansi penipeni ndiye wafika pamwamba penipeni. Ndiye chotsikitsitsa sichiyenera kutayidwa. Pa nambala iliyonse tisunge zinthu ziwiri zokhudza zigawo zimene zikuthera pa nambalayo: zotsatira zazikulu kwambiri, ndi zotsatira zotsika kwambiri. Za pakati zilibe ntchito, chifukwa kuchulukitsa ndi nambala imodzi kumasiya onse pa mzere mmene analili kapena kumautembenuza wonse, moti wapakati sangapose a kumapeto awiriwo.

Tiyeni tiyende nawo mndandanda uja. Pa 3, chachikulu ndi 3, chotsika ndi 3, poti chigawo chilipo chimodzi chokha. Tikafika pa -2 tili ndi zosankha: kuyamba chatsopano kumapereka -2, kupitiriza kumapereka -6. Chachikulu ndi -2, chotsika ndi -6. Pa 4 zosankha zilipo zitatu, 4 payekha, -8 wochokera ku chachikulu, ndi -24 wochokera ku chotsika. Chachikulu ndi 4, chotsika ndi -24. Chuma chimenechi njira ya Kadane inalibe, poti inali itataya kale -6 uja pa -2. Pa -1 zosankha ndi -1, -4 ndi 24, ndipo chachikulu chadumpha kufika 24, chotsika chakhala -4. Yankho limene tasunga pambali tsopano ndi 24.

Kenako ziro. Chilichonse chochulukitsidwa ndi ziro ndi ziro, ndiye chachikulu ndi chotsika zonse zagwera pa 0. Anzathu ena ankafuna kulemba lamulo lapadera la ziro, loti pulogalamu iyambirenso. Silifunika. Kusankha kuja koti nambala ikhoza kuima payokha ndiko kumatiyambitsanso. Taonani pa -5: zosankha ndi -5, 0 ndi 0. Chotsika ndi -5, chigawo chatsopano chayamba. Chachikulu ndi 0, ndipo izi zinadabwitsa ena, koma ndi zoona, chifukwa chigawo cha 0 ndi -5 chimapereka 0, amene aposa -5. Pa 2 zosankha ndi 2, 0 ndi -10. Pomaliza pa -3 zosankha ndi -3, -6 ndi 30, ndipo 30 waposa 24 uja.

Mu Python tinalemba motere:

```python
def yankho(a):
    chachikulu = chotsika = zabwino = a[0]
    for x in a[1:]:
        z = (x, chachikulu * x, chotsika * x)
        chachikulu, chotsika = max(z), min(z)
        zabwino = max(zabwino, chachikulu)
    return zabwino
```

Mudutsa mndandanda kamodzi, ndipo zosunga ndi manambala atatu okha kaya mndandandawo utalike bwanji. Onani kuti zonse zitatu zikuyambira pa nambala yoyamba, osati pa 0. Mukayambitsa `zabwino` pa 0, mndandanda wa nambala imodzi ngati -7 udzapereka 0, pamene mulibe ziro mmenemo ndipo yankho ndi -7.

Chimene chinatenga nthawi yaitali ndi cholakwa china chobisika, ndipo ine ndikuona kuti ndicho chidzagwetse ophunzira athu ambiri. Munthu amalemba mizere iwiri motsatizana:

```python
chachikulu = max(x, chachikulu * x, chotsika * x)
chotsika = min(x, chachikulu * x, chotsika * x)
```

Pongoyang'ana zikuoneka bwinobwino. Koma mzere wachiwiri ukugwiritsa ntchito `chachikulu` chatsopano, chimene `x` walowamo kale, ndiye nambala imodzi ikuchulukitsidwa kawiri. Mphunzitsi wina wa ku Moatize analemba choncho, nayesa pa mndandanda wa pa bolodi uja, ndipo anapeza 30. Anati, "Amayi, nanga vuto lili pati? Yankho ndi lomwelo." Mayiwo anamupempha kuti asindikize `chotsika` pa sitepe iliyonse. Pa -1 panatuluka -24 m'malo mwa -4, koma ziro wotsatira anafufuta cholakwacho chisanawononge kanthu. Pa -3 panatuluka -90 m'malo mwa -6, koma mndandanda unali utatha. Cholakwacho chinalimo kawiri konse, yankho lomaliza nkukhala loona.

Kenako anamupatsa manambala atatu okha: -2, -3, -4. Yankho loona ndi 12. Pulogalamu yake pa -3 inapeza chachikulu 6, nkuchulukitsanso 6 ameneyo ndi -3, chotsika nkukhala -18 m'malo mwa -3. Pa -4 inatulutsa 72. Chizindikiro chake nchosavuta kuchiona: manambala atatuwo, ngakhale mutawachotsa zizindikiro zawo nkuwachulukitsa onse, simungapitirire 24. Yankho likaposa pamenepo, dziwani kuti nambala ina yalowa kawiri. Nchifukwa chake mu pulogalamu ya pamwambapa zosankha zitatu zikuwerengedwa kaye mu `z`, kenako ndiye tikusintha ziwirizo nthawi imodzi. Ena amakonda kusinthanitsa `chachikulu` ndi `chotsika` akaona kuti `x` ali pansi pa ziro, nkuwerengera aliyense payekha. Nazonso zimagwira, koma kwa oyamba kumene ine ndingasankhe njira ya zosankha zitatu, chifukwa wophunzira amaona ndi maso zimene akusankhapo.

Panabuka mtsutso pang'ono. Bambo wina wa ku Macanga anati palinso njira yachidule: chulukitsani kuchokera kumanzere mpaka kumanja, kenako kuchokera kumanja mpaka kumanzere, mukakumana ndi ziro muziyambiranso, ndipo tengani chachikulu chimene mwachiona panjira. Akunena zoona, bola manambala akhale athunthu. Pakati pa maziro awiri, nambala yathunthu siichepetsa kukula kwa zotsatira, ndiye chigawo chabwino chimagundika kumodzi mwa malekezero awiriwo. Koma ikani tizigawo ta nambala, monga 0.5, 4, 0.5. Kuchokera mbali iliyonse mupeza 0.5, kenako 2, kenako 1, ndiye njirayo inena kuti 2, pamene 4 ali phee pakati payekha. Njira yosunga chachikulu ndi chotsika imapeza 4 mosavuta. Tinagwirizana kuti yachiduleyo tiziitchula pokhapokha funso litanena poyera kuti manambala ndi athunthu.

Chomaliza chikukhudza inu amene mumaphunzitsa Java. Mu Python manambala athunthu amakula mmene angakulire, koma `int` wa Java amathera pa 2147483647 kumtunda ndi -2147483648 kumunsi, ndipo akapitirira amazungulira mwakachetechete, osadandaula. Zochulukitsa zimakula msanga: 2 akachulukitsidwa ka 31 wadutsa kale malirewo. Choopsa nchakuti yankho likhoza kukhala laling'ono, koma `chotsika` nkusefukira. Tengani 50000, -1, 50000. Yankho ndi 50000. Koma pa nambala yachitatu `chotsika` ndi -50000, ndipo kuchulukitsa ndi 50000 kukanayenera kupereka -2500000000. Nambala imeneyi siikwana mu `int`, imazungulira nkusanduka 1794967296, yapamwamba pa ziro, ndipo pulogalamu imaitenga ngati yankho. Ndiye funso likalonjeza kuti yankho likwana, musakhulupirire kuti za panjira nazonso zikwana. Kugwiritsa ntchito `long` kumakankhira malire kutali, koma nayenso 10 akachulukitsidwa ka 19 wasefukira. Pamanambala oterowo pafunika `BigInteger`, kapena `Math.multiplyExact` amene amaimitsa pulogalamu pamene kusefukira kwachitika.

Pempho langa kwa gulu ndi ili. Tikadzakumananso, aliyense abwere ndi pulogalamu yake atailemba yekha, ndipo tidzaiyese pa mindandanda isanu imene ili mu lipoti lino: wa pa bolodi wopereka 30, wa -7 yekha, wa -2, -3, -4 wopereka 12, wa 0.5, 4, 0.5 wopereka 4, ndi wa 50000 uja kwa a Java. Kusukulu kumene makompyuta ndi ochepa kapena magetsi amavuta, phunziroli litheka pa bolodi: mizere itatu, wa nambala, wa chachikulu ndi wa chotsika, ana awiri aliyense atagwira mzere wake. Atsogoleri atiuze tsiku, komanso ngati tidzakumane ku Ulongwe kapena ku Domwe.