Kalata yochokera ku Nkhotakota: za masheya ndi ndalama ya chipereganyu

Wokondedwa mnzanga,

Kuno tili bwino, kutentha kokha. Wafunsa ngati masheya uzigula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi kapena kamodzi, komanso ngati uzidikira tchati ya mitengo ya masheya ikuuze nthawi yabwino.

Pa malipiro funsoli palibe. K50,000 imene umapatula pakutha pa mwezi ndi yokhayo uli nayo, ndiye ukagula tsiku lomwelo wagula ndi yonse. Kusankha kulipo pa K150,000 ya chipereganyu ija basi.

Tiyerekeze kuti sheya ili pa K100, mwezi wotsatira K80, kenako K125. Ukamaika K50,000 mwezi uliwonse upeza masheya 500, 625 ndi 400, onse pamodzi 1,525, iliyonse yakudyera pafupifupi K98. Wogula kamodzi pa K100 ali ndi 1,500. Wamuposa, koma ndi 25 okha, ndipo chakuthandiza ndi mwezi wotsika uja. Mtengo ukangokwera, K100, K110, K125, iwe upeza 1,354, iye akadali ndi 1,500 ake. Kafukufuku wa 2012 wa Vanguard, kampani yoyendetsa ndalama za anthu m'masheya, pa misika ya ku America, Britain ndi Australia anapeza kuti kugula kamodzi kumapambana pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse. Kugawa kumangokuteteza kuti usaike zonse msika uli pafupi kugwa. Ndipo ndalama yodikira ku banki nayonso ikutha mphamvu: ukukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Za tchati ndiye usamale. Anthu amayang'ana mzere wa avareji ya mtengo wa sheya pa masiku 200, n'kumati mtengo ukakhala pamwamba pake gula, ukakhala pansi dikira. Mzerewu umachedwa, chifukwa ukuwerenga masiku amene adutsa kale, ndiye pamene ukukuloleza kugula mtengo unakwera kalekale. Komanso pa msika wathu wa masheya ku Blantyre, makampani ena amatha masiku popanda wogula kapena wogulitsa. Tchati imaoneka yabata, koma ndi bata la kusowa malonda. Uziyamba waona kuchuluka kwa masheya amene agulitsidwa tsikulo. Ngati ndi ochepa, mtengo wolembedwawo mwina suupeza ukapita kukagula.

Ndikanakhala ine, tchati ndikanailola kunena chinthu chimodzi: kukula kwa gawo loyamba. Mtengo uli pamwamba pa mzere, ika K150,000 yonse. Uli pansi, ika theka lero, yotsalayo uigawe pa masiku awiri olandira malipiro akubwerawa, ndipo masikuwo asasinthe ngakhale tchati itaoneka bwanji. Ukaona kuti papita miyezi itatu ukungoti "itsike kaye", udziwe kuti dongosolo lafa.

Usanagawe, ufunse broka wako, amene amakugulira masheya, komishoni yake. Ngati ali ndi ndalama yosachepera imene amadula pa kugula kulikonse, tizigawo ting'onoting'ono tikudyera zambiri, ndipo masheya 25 aja akhoza kuthera pomwepo.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Mpunga ndautumiza Lachisanu pa minibasi.

Ndine mnzako wa ku Linga.